Tumizele tozula koma vidiyo siyenda: mwamene ninagonthetsela rauta yanga

Abale anga a m'komboni, sabata ino lekani niyambe na kuulula mulandu wanga. Kwa pafupifupi mwezi wathunthu ninali kuyenda na mukwiyo pa mwana wa ba landilodi, kamnyamata ka giledi 9, ati kanikubela waifai. Ninasintha pasiwedi katatu. Ninaleka na kukayankha bwino kakanipatsa moni pa geti. Manje wakuba yemwe ninali kusakila anali m'nyumba mwanga mwamene, pa shelufu ya TV, ndipo sanali munthu. Ngati na imwe muli na rauta pa nyumba, ndipo nthawi zina imachita ulesi pamene tumizele twa waifai pa foni tuli tozula, khalani pansi mumvele.

Nikhala ku Chilenje mu nyumba ya vipinda viwili na mufana wanga. Eve ni DJ wa ma kicheni pate na maukwati. Monga mwamene mudziwila nyumba zathu za lenti, pa sitingi pali soketi imodzi chabe yamene isebenza bwino. Ndiye chilichonse chofuna malaiti chimaunjikana pamenepo: TV, rauta, sipika ya bulutufu, laputopu ya mufana, na hadi dilaivi yake mwamene asungila nyimbo. Malo ni ochepa, ndiye hadi dilaivi ija anali kuiika pamwamba pa rauta, ndaba ni pafulati. Ine nisebenzela ku chipinda chogona, kuseli kwa chipupa chimodzi, mamita monga 6 kuchoka pa rauta.

Chisanu china usiku ninabwela kuchoka ku shoo na vidiyo ya kukambitsana na woimba wina. Abwana ku nchito anali kuifuna isanakwane 23 awazi. Faelo inali ya mamegabaiti 600, chinthu chamene masiku ena chimapita nikali kuwilitsa madzi a tiyi. Usiku uja inafika pa 12 pelesenti n'kuima. Yayenda pang'ono, yaimanso. Nayang'ana waifai pa laputopu, tumizele tonse tulipo. Nayang'ana bandulo, ikalimo yambili. Nazima rauta, nayasha futi, palibe chosintha. Ku sitingi mufana anali kukopela nyimbo za mailo lake, sipika ikulila pansipansi. Pothela ninagula kabandulo kena pa foni n'kutumila pamenepo, mochedwa na mphindi 40, ndipo m'mawa mwake ninamva mawu amene sinifuna kuwamvanso.

Pa Chiwelu ninanyamula rauta kupita nayo kwa mudala wina wamene amaika manetiweki m'maofesi m'tauni. Ninali wokonzeka kugula ina. Anaiyasha pa tebulo pawo, anaiyesa, ndipo inali kuthamanga bwinobwino. Ndiye ananifunsa funso lamene sininayembekezele: "Mwana wanga, pamene uika iyi rauta ku nyumba, pambali pake pali vichani?" Ninawaonetsa chithunzi cha pa sitingi chamene chinali mu foni. Anachikulitsa na vala, anaseka, ati, "Rauta yako siinafe iyai. Mwaigonthetsa chabe."

Vamene ananifotokozela ninavimva msanga ndaba ni vinthu vamene nikumana navo pa nchito. Mukafuna kukambitsana na woimba pa shoo, simuimilila pafupi na masipika. Woimba angakambe mokweza bwanji, maikolofoni yanu idzatola chongo chabe, ndipo mudzakhalila kumuuza kuti abweleze. Mawu ake sanachepe, koma chongo chapafupi chawakwilila. Waifai nayo ni kukambitsana kwa mbali ziwili. Rauta imakamba, foni kapena laputopu imayankha. Tumizele twamene muona pa foni tumakuuzani chinthu chimodzi chabe: mwamene foni yanu ikumvelela rauta. Situkamba kanthu pa nkhani yakuti rauta ikumva foni yanu kapena iyai. Mukaika chinthu chachongo pa khutu pa rauta, foni yanu idzaonetsa tumizele tozula, koma mayankho ake sadzamveka bwino. Kachidutswa kalikonse ka data kamene sikanamveke kamatumidwanso kachiwili, kachitatu, ndipo uko kubweleza ndiye ulesi wamene muona. Ichi ndiye chifukwa chake kutuma vidiyo kunanivuta maningi usiku uja: pa kutuma, wokamba ni laputopu yanga ili patali, womvela ni rauta yogontha.

Manje chongo chamene sitimva na makutu chichoka kuti? Waifai ya m'nyumba zambili imayenda pa mafunde a wailesi amene pa rauta amalembedwa kuti 2.4GHz, kutanthauza mafunde ogunda ka 2.4 biliyoni pa sekondi imodzi. Aka ni kamsewu kamene aliyense aloledwa kupitamo popanda laisensi, ndiye muli anthu ambili. Bulutufu ipita mwamene umo. Mausi na kiyibodi zopanda nthambo zipita mwamene umo. Ngakhale maikulowevu yothumitsila vakudya isebenza pa 2.45, pakati penipeni pa kamsewu aka.

Niyambe na wamene anali na mulandu waukulu kwathu, hadi dilaivi. Yang'anani m'mbali mwa laputopu yanu. Mapoti a USB ena mukati ni akuda, ena ni a buluu kapena ali na tumalembo SS pambali. Akuda kambili ni USB 2.0, yakale, yamene imanyamula mamegabiti 480 pa sekondi. A buluu ni USB 3.0, yamene imanyamula magigabiti 5 pa sekondi, liwilo loposa kakhumi. Ndiye chifukwa chake ma DJ na ojambula amaikonda. Koma liwilo lija lili na mtengo wake. Kuti data ipite mofulumila chonchi, magetsi a mu nthambo amayaka na kuzima mpaka ka 2.5 biliyoni pa sekondi. Onani nambala iyo, 2.5, n'kuiika pambali pa 2.4 ya waifai. Ni maneba a chipupa chimodzi. Nthambo iliyonse yamene mupita magetsi ogunda mwa liwilo lotele imakhala monga kaeliyo, ndipo ngati siinakutidwe bwino mukati, kapena pa mutu pamene ilowela mu poti pali mpata, mafunde ena amathawila panja.

Iyi si nthano ya mudala uja chabe. Mu 2012 kampani ya Intel inatulutsa lipoti pa nkhani yamene iyi. Anapima hadi dilaivi ya USB 3.0 n'kupeza kuti chongo cha pa 2.4GHz chinakwela na madesibelo pafupifupi 20. Mu chilankhulo chathu, madesibelo 20 ni kuchulukitsa mphamvu ka 100. Anaonanso kuti mausi yopanda nthambo inali kuleka kuyankha bwino kadongo kake kakakhala pafupi na poti ya USB 3.0 yamene ili pa nchito. Ndiye ngati mausi yanu imachita manjenje nthawi iliyonse mukalowetsa fulashi ya buluu pambali pake, manje mwadziwa wamene aigwedeza.

Choipa cha chongo cha USB 3.0 nichakuti ni chotambalala. Waifai ya 2.4GHz ili na machanelo, ndipo amene sagundana ni atatu: 1, 6 na 11. Neba wanu akakhala pa chanelo 6, imwe mungathawile pa 1 kapena 11 n'kupezako mpumulo. Koma data ya USB 3.0 imasakanizidwa dala isanalowe mu nthambo, ndiye chongo chake sichikhala pa malo amodzi, chimamwazika pa machanelo onse. Ine ninali nitayesapo kale kusintha chanelo nitamva kwa anzanga kuti vimathandiza. Sivinathandize, ndipo manje nidziwa chifukwa.

Bulutufu yeve mulandu wake ni wochepelako, ndipo nifuna kukamba chilungamo kuti musataye masipika anu. Bulutufu ya nyimbo imagawa kamsewu kaja mu tumachanelo 79 tung'onotung'ono, n'kumajumpha kuchoka pa kena kupita pa kena mpaka ka 1,600 pa sekondi. Chanelo imodzi ya waifai imatenga malo a tumachanelo utu monga 20. Ndiye ngati bulutufu ijumpha mosayang'ana, pa majumpho anayi alionse limodzi lingagwele pamene waifai ikukamba. Opanga anaiona vuto iyi kale. Kuyambila pa Bluetooth 1.2 ya mu 2003, vipangizo vinaphunzila kuzindikila tumachanelo twamene tuli na chongo n'kumatulambalala. Futi mphamvu yake ni yochepa: mahedifoni na mafoni ambili amatuma bulutufu na mamiliwati owelengeka chabe, pamene rauta ingafike ku ma 100.

Koma pali nthawi ziwili pamene bulutufu imaluma ndithu. Yoyamba ni pamene sipika kapena foni yoituma nyimbo ili pafupi kwambili na rauta, monga mwamene inalili kwathu, kutalikilana chikhato chimodzi chabe. Kamawu kang'ono kakakhala pa khutu penipeni kamaposa munthu wokuwa ali kutali. Ndipo nyimbo siili monga mausi yamene imakamba mwa apa na apo: imatumidwa mosalekeza kuyambila pamene mwayasha mpaka pamene mwazima. Yachiwili ili mukati mwa foni yanu. Mafoni na malaputopu ambili ali na kachipu kamodzi kosebenza vonse viwili, waifai na bulutufu, ndipo kambili vimagawana eliyo imodzi. Ndiye vimasinthana nthawi: ichi chikakamba, chinzake chiyembekeza. Mukamatamba mpila pa foni kupitila pa waifai ya 2.4GHz, mawu akupita ku sipika ya bulutufu, mungaone chithunzi chikuima kapena mawu akudukaduka, ngakhale rauta ili kutali na chongo chilichonse.

Manje mungadziwe bwanji kuti vuto yanu ni iyi, osati netiweki ya kampani kapena bandulo? Apa ndiye pamene mudala uja ananiphunzitsa kanthu kamene kanapulumutsa ndalama yanga. Intaneti ya pa nyumba ili na maulendo awili: kuchoka pa foni kufika pa rauta, na kuchoka pa rauta kupita ku mulongoti wa kampani. Mukapima liwilo na tuma apu twa sipidi tesiti, mupima maulendo onse awili pamodzi, ndiye simungadziwe wolakwa. Chofunika ni kupima ulendo woyamba weka. Pindamulani rauta, pansi pake pali kasitika kolembedwa adilesi yake. Yanga ni 192.168.8.1, yanu ingakhale ina monga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Pa laputopu ya Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba chonchi, na adilesi ya rauta yanu:

```
ping -t 192.168.8.1
```

Laputopu imayamba kugogoda pa rauta kamodzi pa sekondi, n'kumalemba nthawi yamene yankho yatenga, monga `time=3ms`. Kuti muimike, dinani Ctrl na C pamodzi. Pa foni muli tuma apu twa mahala tochita chimodzimodzi. Chachikulu nichakuti mupimile pamalo pamene mumavutikila, osati pafupi na rauta.

Pa Sondo masana ninabweza vonse mwamene vinalili, n'kukhala ku chipinda na laputopu. Mufana ninamuuza kuti achite chinthu chimodzi chimodzi nikamuitana. Poyamba, hadi dilaivi yochotsa, sipika yozima: mayankho anali kubwela pa 2, 3, 4, onse mu mzele. Nakuwa, "Yasha sipika, boi!" Nyimbo zayamba. Manambala ambili anakhalabe pansi, koma apa na apo kunali kutumphuka ka 30 kapena ka 50. Kanthu kakumveka, koma kosapha munthu. Nakuwanso kuti azime sipika, alowetse hadi dilaivi mu poti ya buluu, aiike pa rauta paja, ayambe kukopa foda ikulu. Apo ndiye vinthu vinaonongeka. Manambala anakwela ku ma 200, ku ma 600, ndipo pakati pake panayamba kuoneka mawu akuti `Request timed out`, kutanthauza kuti yankho siinabwele n'komwe. Tumizele twa waifai pa kona ya sikilini tunali tozula nthawi yonse iyi.

Pamene apo ninakumbukila kuti masiku amene waifai inali kunivuta anali a Chinayi na Chisanu usiku, masiku amene mufana amakonza nyimbo za kumapeto kwa sabata. Ine ninali kuganiza kuti ni masiku amene mwana wa ba landilodi amatambila mafilimu.

Kuyesa kothela kunali kosavuta. Mufana anachotsa nthambo mu poti ya buluu n'kuilowetsa mu poti yakuda ya mbali ina ya laputopu. Hadi dilaivi ya USB 3.0 ikalowa mu poti ya USB 2.0 imasebenzabe, koma pa liwilo lakale. Manambala anagwa pamene apo kubwelela ku ma 3 na ma 4, hadi dilaivi ikali pamwamba pa rauta. Mufana anabwela ku chipinda, anayang'ana sikilini, ati, "Ba kamba, kansi ni ine?" Ninamuyankha kuti ni tonse, ndaba wamene anaika rauta pansi pa katundu yonse ija ni ine.

Ngati mwapima chonchi n'kupeza kuti manambala ali pansi nthawi zonse koma intaneti ikali yaulesi, lekani kuvutitsa vinthu va pa shelufu. Vuto ili pa ulendo wachiwili: netiweki yazula anthu m'madzulo, kapena bandulo yanu yafika pamene amachepetsela liwilo. Ndipo ngati tumizele twamene tuli tochepa, kamodzi kapena tuwili, iyo ni nkhani ya mtunda na vipupa, osati chongo.

Kukonza kwake kunatidyela ndalama ya ekisitenshoni imodzi chabe. Mankhwala aakulu ni mtunda. Mphamvu ya mafunde imagwa msanga mukatalikila: mukawilikiza mtunda kawili, yotsala ni gawo limodzi pa magawo anayi. Kuchotsa chinthu pa masentimita 10 kuchipeleka pa mita imodzi kumachepetsa chongo chake pafupifupi ka 100, yamene ni nambala ija ya a Intel. Ndiye rauta tinaikweza pamwamba pa kabati yeka, mita na hafu kuchoka pa laputopu na sipika. Mufana anabwelela ku poti yake ya buluu, ndaba kukopa nyimbo pa yakuda kunali kumuchedwetsa, ndipo manambala ku chipinda kwanga sanagwedezeke. Anasinthanso nthambo ya hadi dilaivi. Yamene anali nayo inali kaja kopyapyala kogula pa msewu itasowa yoyamba. Yamene ili na chokutila chabwino mukati imakhala yonenepako ndipo imagwila zolimba mu poti.

Pali marauta ena amene ali na poti ya USB 3.0 pa thupi pawo, yolowetsapo hadi dilaivi kuti nyumba yonse izitambilapo mafilimu. Apo chongo chimabadwila pafupi na maeliyo enieni. Ena mwa marauta aya, monga a ASUS, ali na posankha mu masetingi kuti poti ija isebenze monga USB 2.0. Mutaya liwilo lokopa, mupeza waifai yabwino. Ngati yanu ilibe, nthambo italiko yokutidwa bwino imathandiza kuti hadi dilaivi ikhale patali.

Njila ina ni kuchoka mu kamsewu kaja kothinana. Marauta ambili a manje amatulutsa waifai ziwili, ndipo yachiwili dzina lake kambili limathela na 5G kapena 5GHz. Musasokonezeke: iyi si 5G ija ya makampani a mafoni, ni waifai chabe yoyenda pa mafunde ena. Bulutufu siifika kumeneko, ndipo chongo cha USB 3.0 ni chochepa maningi kumeneko. Ngati mutamba mpila pa foni na sipika ya bulutufu, kusamukila pa iyi kambili kumathetsa kudukaduka. Malile ake ni akuti siipyola bwino vipupa. Chipupa chimodzi cha mabuloko ingakwanitse. Viwili kapena vitatu, mudzabwelela mweka ku 2.4GHz. Futi mafoni ena otchipa saiona n'komwe. Kwathu laputopu yanga manje ili pa 5GHz, ndipo vidiyo ya Chisanu chatha inapita tiyi isanazizile.

Chamene chinatsala chinali chovuta kuposa kukweza rauta pa kabati. Pa Mande m'madzulo ninapeza kamnyamata ka ba landilodi pa pompi, n'kukauza kuti ninali kukaganizila voipa pa chinthu chamene sikanachite. Kananiyang'ana modabwa, ati, "Ba ankolo, ine foni banitengela ba mami kuchokela pamene tinatsegula sukulu." Ninachita nsoni mpaka ku mapazi. Ninakauza kuti foni ikabwela pa holide kabwele kadzatenge pasiwedi.

Ndiye imwe, musanayambe kuyang'ana maneba na diso lofiila, pitani pa shelufu muone vamene mwaunjika pa rauta yanu. Chotsani chimodzi chimodzi, mukupima. Ngati pali nthambo yolowa mu poti ya buluu, yambilani pamenepo.